Katundu Wafika, Koma Si Yense

Katundu wambiri amene amagulidwa ku Kitwe ndi ku Ndola amachokera kutali. Amaodedwa pa foni kwa ogulitsa a ku Kamwala mu Lusaka, a ku Kariakoo mu Dar es Salaam, a ku Johannesburg kapena a ku China, ndalama n'kutumizidwa pa Airtel Money, pa MTN MoMo kapena ku banki. Wogula amadzamuona katunduyo koyamba ali kale pa depoti, atayenda makilomita oposa 300 ngati wachokera ku Lusaka, atadutsa m'manja mwa wolongedza, wokweza, kondakita ndi wotsitsa. Katundu yense akasowa, nkhani yake siivuta kumva, chifukwa aliyense amavomereza kuti palakwika. Imavuta ndi ya katundu amene wafika koma wopelewera. Wogulitsa amati anatumiza, a basi amati anapereka, ndipo wogula naye anasaina kuti walandira. Onse atatu akunena zoona, koma zinthu ziwiri mwa zisanu ndi zitatu sizikuoneka.

Mlandu wotere umapindulidwa kapena kutayika pa ola loyamba, wogula asanachoke pa depoti. Kuti tione bwino chifukwa chake, tiyeni titsate oda imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Anthu ake ndi mitengo yake ndi zongoyerekeza, koma zochitikazo ndi zimene zimachitika tsiku ndi tsiku.

M'chaka cha 2024 chilala chinaphwetsa madzi a ku Kariba, magetsi n'kumazima maola ambiri pa tsiku, ndipo mabanja ochuluka a ku Copperbelt anayamba kugula zipangizo za sola. Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Chimwemwe mu Kitwe waoda kwa wogulitsa wa ku Lusaka mapanelo anayi pa K2,000 imodzi, inveta imodzi ya mavoliti 24 pa K9,000, mabatire awiri a mavoliti 12 pa K7,500 limodzi, ndi katoni ya mawaya ndi mafyuzi pa K1,500. Kuonjezerapo K500 yotumizira, zonse zakwana K34,000, ndipo walipira zonse. Tsiku lachitatu amuimbira foni kuti katundu wafika. Pa depoti apeza mitolo iwiri ya mapanelo, bokosi la inveta ndi batire limodzi. Batire lachiwiri palibe, katoni ya mawaya palibenso.

Mapepala atatu

Anthu ambiri akafika pamenepa amaimbira wogulitsa mtima uli m'mwamba, n'kuyamba kukangana asanadziwe chimene akukanganira. Choyamba kuchita ndi kuika pamodzi mapepala atatu, chifukwa lililonse limayankha funso lakelake. Invoyisi imanena zimene mwagula ndi kulipira. Deliveri noti, kapena mndandanda wa zolongedzedwa, imanena zimene wogulitsa akuti waika m'mabokosi. Weyibilu, imene ena amangoti lisiti ya basi, imanena kuchuluka kwa mitolo imene onyamula analandira. Invoyisi imawerenga zinthu, weyibilu imawerenga mitolo, ndipo mikangano yambiri imayambira posasiyanitsa ziwirizi. Kondakita sadziwa kuti m'katoni muli mafyuzi angati. Iye amadziwa kuti anapatsidwa mitolo ingati.

Mayi wathuyu akawerenga bwino aona kuti oda yake inayenera kukhala mitolo isanu ndi umodzi: iwiri ya mapanelo, umodzi wa inveta, iwiri ya mabatire, umodzi wa mawaya. Pa weyibilu palembedwa mitolo isanu. Pansi pali inayi. Manambala atatuwa akumuuza kale zambiri. Mtolo umodzi sunakwere basi n'komwe, ndipo umenewo ndi mlandu wa wogulitsa. Mtolo wina unakwera koma sunatsike pa Kitwe, ndipo woyamba kufunsidwa za umenewo ndi wonyamula. Kuti adziwe uti ndi uti, ayang'ane zolembedwa pa mabokosi. Ogulitsa osamala amalemba pa mtolo uliwonse dzina, nambala ya foni ndi manambala monga 1/5, 2/5, mpaka 5/5. Ngati ali m'manja ndi 1, 2, 3 ndi 4, wosowa panjira ndi wachisanu, ndipo wogulitsa akhoza kunena chimene chinali mu wachisanuwo. Makampani onyamula mitolo amene amayeza katundu pa sikelo amapereka umboni winanso. Batire lalikulu la sola la mtundu wa jelo limalemera pafupifupi makilogalamu 60, kotero kulemera kolembedwa pa weyibilu kumaulula kokha ngati mabatire anakwera awiri kapena limodzi. Kwa mayi wathuyu, tinene kuti mtolo wotsala ku Lusaka ndi wa batire, ndipo wosowa panjira ndi katoni ya mawaya.

Pali njira yachitatu imene katundu amapelewerera, ndipo ndi yovuta kuposa ziwirizi: mitolo yakwana koma m'kati mulibe zonse. Apa chofunika ndi kuyang'ana tepi musanatsegule. Tepi yamitundu iwiri, tepi yomatidwa pamwamba pa ina yodulidwa, katoni yong'ambika pansi kapena yogwedezeka m'kati ngati kuti muli mpata, zonsezi zikusonyeza kuti bokosi linatsegulidwa panjira. Bokosi likakhala lomatidwa bwino ndi tepi imodzi ya wogulitsa koma m'kati n'kupelewera, ndiye kuti vuto linachitika polongedza. Jambulani bokosi mbali zonse lisanatsegulidwe, ndipo litsegulireni pomwepo pamaso pa kalaliki wa pa depoti, foni ikujambula kanema. Mukakatsegulira kunyumba madzulo, palibe angatsimikize kuti zosowazo sizinasowere m'takisi kapena pakhomo panu.

Kenako pamabwera buku losainamo. Kalaliki amakhala ndi mzere wa anthu kumbuyo kwanu ndipo amafuna muchoke msanga. Akhoza kunena kuti, "Mayi, ingosainani apa, winawo ubwera ndi basi yamadzulo." Mwina akunena zoona. Koma siginecha yopanda mawu ena imatanthauza kuti mwalandira zonse zolembedwa pa weyibilu, ndipo basi yamadzulo ikafika yopanda kanthu, buku lidzakhala likukutsutsani. Yankho labwino ndi laulemu: "Bambo, ndisaina, koma ndilembe kaye kuti ndalandira mitolo inayi mwa isanu, ndipo inunso musainepo." Lembani nambala yeniyeni, tsiku ndi nthawi, pa buku lawo ndi pa pepala lanu, m'chilankhulo chilichonse chimene kalaliki akumva, ndipo jambulani tsambalo. Mawu akuti "sindinaone m'kati" sathandiza kwambiri. Othandiza ndi manambala. Kalaliki akakana kuti mulembe, tumizani uthenga pomwepo ku ofesi ya kampaniyo ndi kwa wogulitsa, wonena zimene mwalandira ndi kuti akukanizani kulemba, chifukwa uthenga umasunga nthawi imene unatumizidwa.

Makampani akuluakulu, monga a migodi, amachita zomwezi mwadongosolo. Wosunga katundu amalemba zimene zafikadi, ndipo a zachuma salipira mpaka oda, chikalata cholandirira katundu ndi invoyisi zitagwirizana. Munthu wamba kawirikawiri amakhala atalipira kale, n'chifukwa chake ayenera kusamala kuposa iwo.

Mtolo wosowa panjira

Mtolo umene unakwera basi koma sunatsike nthawi zambiri sunabedwe. Basi yochokera pa Intercity ku Lusaka imaima pa Kabwe, pa Kapiri Mposhi ndi pa Ndola isanafike pa Kitwe, ndipo zina zimapitirira ku Chingola, ku Chililabombwe kapena ku Solwezi. Pa malo aliwonse buti imatsegulidwa, katundu wapakhomo n'kutsitsidwa kuti wam'kati atuluke. Katoni yaing'ono imatsala pansi pa Ndola, kapena imabisika kuseri kwa matumba n'kupitirira ku Chingola. Choncho funsani nambala ya basi, nthawi imene inanyamuka ndi kumene inathera, ndipo pemphani kalaliki aimbire madepoti a kutsogolo ndi a kumbuyo tsiku lomwelo. Pakapita sabata, katoni imene dzina lake lafufutika imakhala yalowa kale mu mulu wa katundu wopanda mwini.

Ikapanda kupezeka, ndani ayenera kuluza? Apa lamulo limadabwitsa ambiri. Zambia imagwiritsabe ntchito Sale of Goods Act ya 1893, lamulo la ku England limene linalowa m'dzikoli pamodzi ndi malamulo ena amene ankagwira ntchito ku England pa 17 Ogasiti 1911. Lamulo la ku Malawi la dzina lomweli linatengera pomwepo, kotero wowerenga wa ku Lilongwe kapena ku Blantyre adzapeza mfundo zofanana. Gawo 32 likuti ngati wogulitsa waloledwa kapena wauzidwa kutumiza katundu, kumupereka kwa wonyamula kumatengedwa ngati kumupereka kwa wogula, pokhapokha pataoneka kuti anagwirizana zina. Ndiye ngati mayi uja ananena kuti, "Mundikwezere pa basi," wogulitsa n'kukwezadi, katoni yosowa panjira ndi nkhani ya mayiyo ndi a basi. Koma ngati mgwirizano unali wakuti wogulitsa afikitsa katundu pa Kitwe, ndipo zimenezi zikuoneka pa invoyisi kapena m'mauthenga, udindo wa wogulitsa sutha mpaka katundu atafika. Kusiyana konseku kumagona pa chiganizo chimodzi chimene anthu ambiri salabadira poodapo.

Gawo lomweli limamanganso wogulitsa. Ayenera kupangana ndi wonyamula m'njira yoyenera mtundu wa katunduyo. Akapatsira kondakita m'manja inveta ya K9,000 popanda lisiti, n'cholinga chopulumutsa ndalama ya ku ofesi, katunduyo n'kusowa, wogula ali ndi ufulu wokana kuti anapatsidwa, kapena wofuna chipukuta misozi kwa wogulitsayo. Njira yopatsira kondakita m'manja imeneyi ndimaidandaula kwambiri, chifukwa imatchipa ndi makwacha ochepa chabe koma imasiya wogula wopanda pepala lililonse, ndipo kampani ya basi imakana mosavuta katundu amene sanalowe m'mabuku ake.

Ngakhale lisiti ilipo, werengani zolembedwa kuseri kwake. Onyamula ambiri amaika malire a ndalama imene angalipire ngati mtengo wa katundu sunanenedwe potumiza, ndipo amaikanso masiku ochepa oti dandaulo liperekedwe. Kawirikawiri amafuna kuti adandaule ndi amene anatumiza, popeza ndiye ali ndi lisiti yoyamba. Choncho musayambane ndi wogulitsa tsiku loyamba, mudzamufuna. Makampani onyamula makalata ndi mitolo amalandira chilolezo kuchokera ku ZICTA, ndipo kampani yotere ikanyalanyaza dandaulo, mukhoza kukalipereka kumeneko.

Kulandira kapena kukana

Tibwerere ku batire limene silinachoke ku Lusaka. Mayi uja waimba, ndipo wogulitsa akuti, "Pepani mayi, mabatire anatha, tinatsala ndi limodzi. Ena ali panjira kuchokera ku Nakonde." Sanamuuze izi polandira ndalama. Kodi mayiyu ayenera kungodikira?

Gawo 30 la lamulo lija likuti wogulitsa akapereka katundu wochepera pa amene anagwirizana, wogula akhoza kumukana yense. Akasankha kulandira amene wafikayo, alipire pa mtengo wa mgwirizano, osapitirira. Gawo 31 likuonjezera kuti wogula sakakamizidwa kulandira katundu pang'onopang'ono ngati sanagwirizane choncho. Ndiye kutumiza theka lero, theka mwezi wamawa, si chinthu chimene wogulitsa angangosankha yekha. Malire ake alipo. Kupelewera kochepetsetsa, monga misomali iwiri pa kilogalamu, makhoti sakuwerengera, ndipo ngati awiriwa akhala akugulitsana kwa zaka katundu akufika m'magawo popanda dandaulo, chizolowezi chimenecho chimawerengedwa ngati mbali ya mgwirizano.

Funso loti wogula adzifunse ndi lakuti: zimene zafikazi zingagwire ntchito pazokha? Kwa mayi wa sola yankho ndi ayi. Inveta ya mavoliti 24 imafuna mabatire awiri a mavoliti 12 olumikizidwa motsatizana. Ndi batire limodzi siiyaka n'komwe, ili ngati njinga ya gudumu limodzi. Pali chinanso chimene wogulitsa sangathamangire kunena. Mabatire olumikizidwa chotero ayenera kukhala a mtundu umodzi, a mphamvu yofanana ndi a msinkhu wofanana. Lina likakhala lofooka, limadzaza ndi kutha msanga kuposa linzake, ndipo onse awiri amafa nthawi isanakwane. Wogulitsa akati, "Tili ndi lina la kampani ina, n'chimodzimodzi," mayiyu ali ndi chifukwa chomveka chokanira, ndipo lamulo silimukakamiza kulandira chinthu chosiyana ndi chimene anaoda. Batire limene lafika kale nalonso silingakhale miyezi osatchajidwa, chifukwa limatsika mphamvu pang'onopang'ono n'kuonongeka. Kudikira kuli ndi mtengo wake.

Tsopano chenjezo lofunika kwambiri m'nkhani ino. Ufulu wokana katundu umatha wogula akamuvomereza, ndipo gawo 35 likuti kuvomereza kumachitika m'njira zitatu: kunena kuti mwavomera, kuchita naye ngati wanu, kapena kumusunga nthawi yaitali osanena kuti mwamukana. Kunyamula katundu pa depoti kupita naye kunyumba kuti asungike sikuvomereza, chifukwa wogula ali ndi ufulu wopatsidwa mpata woyendera katundu wake. Koma mayi uja akaitana mmisiri Loweruka n'kukhomera mapanelo padenga, akuti batire likadzafika angolumikiza, ndiye kuti wavomera. Kuyambira tsikulo sangabwezenso zonse n'kufuna K34,000 yake. Chimene chamutsalira ndi kufuna batire losowalo kapena ndalama yake. Ngati akukayikira wogulitsa, mapanelo akhale m'mitolo yake, inveta m'bokosi lake, mpaka nkhani ithe.

Akasankha kukana zonse, gawo 36 likuti, ngati sanagwirizane zina, sakakamizidwa kubweza katundu ku Lusaka ndi ndalama zake. Chokwanira ndi kudziwitsa wogulitsa kuti wakana, ndi kusunga katunduyo bwino kuti adzatengedwe. Komabe nzeru ya pamsika imaonjezera pa lamulo. Munthu amene walipira kale K34,000 asafulumire kukweza katundu pa basi ndalama isanabwere, chifukwa akhoza kutsala wopanda zonse ziwiri. Ndi bwino kupangana molemba kuti katundu ndi ndalama zisinthane tsiku limodzi, mwina kudzera mwa wachibale wa ku Lusaka amene angakapereke katunduyo pamaso.

Anthu ambiri sakana zonse, ndipo nthawi zambiri amakhala akuchita bwino, chifukwa mapanelo ndi inveta amazifunadi. Njira yapakati ndi kudikira, koma kudikira kokhala ndi tsiku. Mawu akuti "sabata yamawa" amabadwanso sabata iliyonse. Mayiyu alembe uthenga umodzi wofatsa, wonena nambala ya invoyisi, zimene zafika, zimene sizinafike, ndi kuti akuyembekeza batire la mtundu womwewo pofika tsiku lakutilakuti, lotumizidwa ndi ndalama za wogulitsa popeza K500 yotumizira inalipidwa kale pa oda yonse. Anenenso chimene adzachite tsikulo likadutsa: kukana oda yonse, kapena kugula batire kwina n'kufuna ndalama yake. Tsikulo likhale lotheka, monga sabata imodzi kapena ziwiri. Ngakhale munthu amene wakhala akupirira popanda kuika tsiku akhoza kuliikabe pambuyo pake, bola apereke nthawi yokwanira.

Tsiku ladutsa, batire silinabwere. Mayiyu wapeza la mtundu womwewo m'sitolo ina pa Kitwe, koma pa K8,300. Wogulitsa wa ku Lusaka ayenera kubweza K7,500, izi n'zosachita kufunsa. Gawo 51 limapitirira pamenepo. Chipukuta misozi cha katundu amene sanaperekedwe chimawerengedwa poona kusiyana kwa mtengo wa mgwirizano ndi mtengo wa pamsika pa nthawi imene katunduyo anayenera kufika. Apa kusiyanako ndi K800, kotero mayiyu akhoza kufuna K8,300 yonse, ndipo lisiti ya sitolo ya pa Kitwe ndiwo umboni wake. Zimene sangazipeze mosavuta ndi zotayika zimene wogulitsa sakanaziganizira pogulitsa, monga nyama yoonongeka mu filiji, pokhapokha atamuuziratu poodapo kuti zipangizozi zikufunika pa tsiku lakuti chifukwa chakuti.

Masamu onsewa atheka chifukwa invoyisi inalemba mtengo wa chinthu chilichonse. Ogulitsa sola ambiri amakonda kutchula mtengo umodzi wa zonse pamodzi. Batire likasowa pa oda yotere, wogulitsa amati linali la K6,000 chifukwa anachotserapo, wogula amati K7,500, ndipo palibe pepala lowaweruza. Pemphani mitengo yosiyanitsa musanalipire, ngakhale pali kuchotsera. Ngati wogulitsa ndi wolembetsa msonkho wa VAT, umene ndi 16 pa 100 iliyonse, ndalama yobwezedwa ibwere ndi msonkho wake, ndipo apereke kirediti noti yokonza invoyisi yoyamba. Wamalonda amene amawerengera msonkho ku ZRA amaifuna kirediti notiyo kuti mabuku ake agwirizane ndi katundu ali m'shelefu.

Wa pa Chisokone

Wamalonda wa pa msika wa Chisokone ku Kitwe kapena wa Masala ku Ndola amene waoda makatoni khumi a nsapato n'kufika asanu ndi awiri, nkhani yake ndi yosiyana. Katoni iliyonse imagulitsika payokha, ndipo kusiya asanu ndi awiri ali chimangire podikira atatu ndi kudzipha yekha. Atsegule, agulitse, koma atalemba kaye za kupelewerako, podziwa kuti wasiya ufulu wokana zonse. Chimene ayenera kuyang'anitsitsa ndi masaizi. Ngati makatoni atatu osowawo ndi a masaizi amene amayenda kwambiri, otsalawo adzagona nthawi yaitali, ndipo ndi bwino kukambirana zimenezi ndi wogulitsa katundu asanayalidwe.

Katundu wake akakhala wochokera ku Dar es Salaam kudzera pa Tunduma ndi Nakonde, kapena wochokera kummwera kudzera pa Chirundu kapena pa mlatho wa Kazungula, kawirikawiri amayenda m'lole imodzi ndi katundu wa anthu ena ambiri. Lole ikadzaza, makatoni ena amatsalira ulendo wotsatira. Ena amagwidwa pa chipata chifukwa cha mapepala kapena msonkho. Zonsezi zimachitikadi, ndipo zonse zimasiya umboni: wotumiza woona amatha kukuonetsani mndandanda wa zokwezedwa, nambala ya lole, kapena pepala la a kasitomu. Samalani ndi wogulitsa amene watumiza kagawo kotchipa, kenako n'kumapempha ndalama ina kuti "amasule" zotsalazo, ndalamayo n'kumati itumizidwe pa nambala ya munthu wina, popanda pepala lililonse. Kagawo koyambako nthawi zina kamatumizidwa dala kuti mukhulupirire. Msonkho weniweni umakhala ndi lisiti ya ZRA. Pempho lachiwiri lopanda lisiti likabwera, lekani kutumiza ndalama, sungani mauthenga onse a malipiro chifukwa ali ndi manambala ake, ndipo kanenani ku polisi ndi ku kampani ya foni.

Kukadandaula

Wogulitsa akakana kubweza ndalama, kapena akangosiya kuyankha, pali makomo awiri apafupi. Loyamba ndi Competition and Consumer Protection Commission, imene anthu amangoti CCPC, yogwira ntchito pansi pa lamulo nambala 24 la 2010, ndipo ili ndi ofesi ku Kitwe. Lamulo limenelo limaletsanso masitolo kupachika zikwangwani zokana ufulu wa wogula, kotero mawu akuti ndalama sizibwezedwa, olembedwa pakhoma, asakuopseni. Sangakhudze ndalama ya katundu amene simunapatsidwe n'komwe. Koma chitetezo cha ogula cha m'lamuloli chinalembedwera munthu wogula kuti agwiritse ntchito yekha. Mayi wa ku Chimwemwe akulowamo. Wamalonda wa pa Chisokone, amene amagula kuti akagulitsenso, sakulowamo, ndipo njira yake ndi ya kukhoti.

Khomo lachiwiri ndi khoti la milandu ing'onoing'ono, Small Claims Court, limene lilipo ku Ndola ndi ku Kitwe. Kumeneko munthu amadziyankhulira yekha popanda loya, ndipo mlandu umayamba ndi kalata yofuna ndalama yopita kwa wokana kulipirayo. Khotili lili ndi malire a ndalama imene lingaweruze, ndipo kalaliki wake amakuuzani ngati mlandu wanu ukukwanamo ndiponso ngati uyenera kumvedwa komweko kapena ku Lusaka kumene wogulitsa ali. Kalatayo iyenera kufika kwa munthu kapena kampani yodziwika dzina ndi malo, n'chifukwa chake dzina la pa Facebook ndi nambala ya foni sizikwana. Dzina lenileni la bizinesi ndi malo a sitolo muzizidziwa musanalipire. Mayi uja akapita kukhotiko atenge invoyisi ya K34,000, uthenga wa malipiro, weyibilu yosonyeza mitolo isanu, chithunzi cha buku pamene analemba kuti walandira inayi, uthenga umene anaikamo tsiku, ndi lisiti ya K8,300 ya batire limene anagula pa Kitwe. Za katoni ya mawaya ya K1,500 azilembe padera, chifukwa woyankha mlandu umenewo akhoza kukhala wina.